Mmene mungapezere disikavadi ataki pa bolodi la chesi

Ambiri tikamaganiza muvu pa chesi maso athu amakhala pa pisi yomwe tagwirayo, ipita kuti, idya chani, basi. Disikavadi ataki simungaipeze mukamayang'ana choncho, chifukwa pisi yomwe ikuvulaza mdani si yomwe mwasunthayo ayi, ndi ina yomwe yangokhala phee kumbuyo osasuntha ngakhale bokosi limodzi. Mukachotsa yakutsogolo, mzere umatseguka, yakumbuyo nkuyamba kuopseza. Ndipo ngati yomwe mwasunthayo nayonso yakafikira poopseza chinthu china, mdani wanu ali ndi mavuto awiri koma muvu yoti ayankhire ndi imodzi yokha. Mphamvu yake yonse yagona pamenepo.

Ndiye kasakidwe kake kamayambira kumbuyo. Mamuvu ndiwalemba mmene amaonekera pa sikirini: K ndi mfumu, Q kwini, R ruku, B bishopu, N hatchi, poni ilibe chilembo, x ndi kudya, + ndi cheki, # ndi chekimeti, 0-0 ndi kasoling'i ya mbali ya mfumu, 0-0-0 ya mbali ya kwini. Ngati muli ndi bolodi pafupi yalani, zinthu izi zimalowa bwino mmutu mukamasuntha ndi manja.

Choyamba, yang'anani mapisi anu oyenda mtunda wautali

Mapisi omwe angakhale kumbuyo alipo atatu okha, kwini, ruku ndi bishopu. Hatchi ayi chifukwa imalumpha, palibe chomwe chimaitchinga, poni ndi mfumu nazo zimangofika bokosi loyandikana nalo. Choncho ntchito ndi yochepa kuposa mmene mungaganizire. Nthawi yanu yosewera ikakwana, musanaganize china chilichonse, tengani kwini wanu, maruku ndi mabishopu, chimodzichimodzi, mutsate mzere wa chilichonse ndi maso mpaka kumapeto kwa bolodi ngati kuti mapisi anu omwe ali panjira kulibe. Mukufuna kuona zinthu zitatu zitandandalika pa mzere umodzi: pisi yanu yamtunda wautali, kenako pisi yanu ina imodzi yokha pakati, kenako chinthu cha mdani chomwe chili ndi phindu, mfumu, kwini, ruku, kaya pisi iliyonse yomwe ilibe woiteteza.

Ndati imodzi yokha pakati ndipo ndikutsindika. Zikakhala ziwiri, kusuntha imodzi sikutsegula kanthu. Ikakhala ya mdani pakatipo, imeneyo ndi nkhani ina, ya pini, si yathu lero. Komanso yapakatiyo ikhale yoti ingathe kuchoka pa mzerewo. Poni yomwe ili kutsogolo kwa ruku pa mzere wowongoka ikapita patsogolo idakali pomwepo kutchinga, imachokapo pokhapokha ngati ikudya chammbali. Koma poni yomweyo ikakhala kutsogolo kwa bishopu pa dayagonolo, kuikankha bokosi limodzi basi njira yatseguka, ndipo izi anthu amaziphonya kwambiri chifukwa muvu ya poni imaoneka yosaopsa. Hatchi ndiye yabwino kuposa zonse pantchito imeneyi, kulikonse komwe ingalumphire imakhala yachoka pa mzere.

Taonani gemu iyi yomwe imachitika kawirikawiri pakati pa ongoyamba kumene, pa opening'i ya Petrov:

```
1. e4 e5  2. Nf3 Nf6  3. Nxe5 Nxe4
4. Qe2 Nf6
```

Wa zakuda waona kuti kwini akuopseza hatchi yake pa e4 ndiye waibweza ku f6, akuona ngati wapulumuka. Inu muli ndi zoyera. Tsatani mzere wa kwini wanu kuchokera pa e2 kukwera: e3 palibe, e4 palibe, e5 pali hatchi yanu, e6 ndi e7 palibe chifukwa poni yake munadya kale, e8 pali mfumu yake. Zitatu zija zakwana. Hatchi ikangochoka pa e5, kulikonse komwe ingapite, ndi cheki yochokera kwa kwini.

Chachiwiri, sankhani kofikira pisi yakutsogolo

Apa ndi pomwe pamafunika kufatsa, chifukwa munthu ukaona cheki dzanja limathamanga. Cheki ilipo kale, siithawa, funso ndi loti hatchi ipite pati kuti muvu yaulereyi ipindule kwambiri. Ndiye musatenge bokosi loyamba lomwe mwaliona, werengani onse omwe pisiyo ingafikepo, pa lililonse mudzifunse kuti ikafika apa ikuopseza chani, ndipo mfumu yake ingaidye kapena ayi.

Pa gemu yathuyi Nxf7+ imakopa maso, mwadya poni, mukuopseza kwini pa d8 ndi ruku pa h8 pakamodzi. Koma f7 yayandikana ndi mfumu ndipo palibe pisi yanu yomwe ikuteteza bokosi limenelo, ndiye Kxf7 basi, mfumu yadya hatchi komanso yachoka pa mzere wa cheki ndi muvu yomweyo. Mwataya hatchi posinthana ndi poni. Nxd7+ nayo chimodzimodzi, Kxd7. Ng6+ ndiyabwinoko, atchinga ndi Be7 inu nkudya ruku pa h8, koma bwanji kukhutira ndi ruku pomwe pali chachikulu?

```
5. Nc6+
```

Hatchi pa c6 ikuopseza kwini pa d8. Poyang'ana koyamba zimaoneka ngati misala chifukwa pa c6 pali zinthu zitatu zomwe zingaidye, poni ya b7, poni ya d7 ndi hatchi ya b8. Koma palibe chomwe chikuloledwa kutero, mfumu ili pa cheki ndipo kudya pa c6 sikuchotsa cheki ya kwini wa pa e2. Ichi chigwireni bwino: pomwe yakumbuyo ikupereka cheki, yakutsogolo itha kuima pa bokosi lomwe masiku onse simungayerekeze kuikapo, bola mfumu yeniyeniyo isaifikire. Akatchinga ndi Be7 mudya Nxd8. Akatchinga ndi Qe7 mudya Nxe7, chifukwa hatchi ya pa c6 imafika pa e7 pomwe. Njira zonse ziwiri hatchi yanu idyedwa pambuyo pake koma mwatenga kwini wa mapointi 9 inu nkupereka 3.

Kwa amene mumasewera zakuda, vuto linayamba pa muvu yachitatu. Yambani ndi d6 kuthamangitsa hatchi ya pa e5, ikabwerera ku f3 ndiye mudye pa e4.

Chachitatu, onani ngati yomwe mukuilozayo singakubwezereni

Nthawi zambiri chomwe chili kumapeto kwa mzere si mfumu, ndi kwini kapena ruku. Pamenepo zinthu zimatembenuka, yakumbuyo siikupereka cheki, ndiye yakutsogolo ndi yomwe ikuyenera kubweretsa chokakamiza. Ndipo pali ngozi imodzi yomwe anthu amaiwala: mzere ukatseguka umatsegukira mbali zonse. Ngati kwini wanu akuona kwini wake, kwini wakenso akuona wanu, ndipo inu mwasewera kale, nthawi ndi yake.

Msampha wodziwika wa mu opening'i ya Fulenchi umaonetsa zimenezi bwino kwambiri:

```
1. e4 e6  2. d4 d5  3. e5 c5  4. c3 Nc6
5. Nf3 Qb6  6. Bd3 cxd4  7. cxd4 Nxd4
8. Nxd4 Qxd4
```

Wa zakuda anawerenga bwinobwino mwa iye yekha. Pa d4 anali ndi zodya ziwiri, hatchi ndi kwini, pomwe woteteza amaoneka mmodzi, hatchi ya f3, popeza bishopu atabwera pa d3 anatchinga kwini wa pa d1. Ndiye wadya poni akuona ngati ya ulere. Koma kutchinga komweko ndi komwe tikusaka. Tsatani mzere wa d: kwini wanu d1, d2 palibe, bishopu wanu d3, kwini wake d4. Zitatu zakwana, ndipo kwini wakeyo palibe chomwe chikumuteteza.

Tsopano bishopu apite kuti? Mukangomusuntha mwachisawawa, tinene Bxh7 kuti mudyeko poni, iye sathawa nkomwe, adya Qxd1+ inu Kxd1 iye Rxh7, makwini asinthana ndipo bishopu wanu wapita. Muvu yokhayo yomwe imumanga manja ndi ya cheki. Yang'anani dayagonolo yochokera pa b5 kupita pa e8: c6 palibe chifukwa hatchi inachokapo kukadya pa d4, d7 palibenso chifukwa poni inapita pa d5 kalekale.

```
9. Bb5+ Bd7  10. Bxd7+ Kxd7  11. Qxd4
```

Onani muvu ya 10 ija. Mukanathamangira Qxd4 nthawi yomweyo iye akanadya Bxb5, kwini mwapeza inde koma bishopu mwangomutaya chabe. Podya pa d7 ndi cheki kaye, mabishopu asinthana ndipo kwini wake akadali pomwepo kudikira kudyedwa chifukwa mwini wake sanapeze mpata womuthawitsa. Ngati pali cheki ina yomwe ikupindulirani musanakolole, iperekeni kaye, koma muonetsetse kuti ndi cheki yeniyeni osati muvu yomupatsa mpweya.

Ndiye taonani mmene kanthu kamodzi kamasinthira zonse. Wa zakuda wodziwa amasewera Bd7 pa muvu ya 7 asanadye. Inu mukachita 0-0, iye adya Nxd4, inu Nxd4, iye Qxd4. Zitatu zija zandandalikanso chimodzimodzi, kwini d1, bishopu d3, kwini wake d4, maso anu awala. Koma Bb5 pano si cheki, pa d7 paima bishopu wake. Iye ayankha Qxd1, inu Bxd7+ iye Kxd7, inu Rxd1, mukawerenga mupeza kuti mwatsala ndi poni imodzi kuchepa ndipo makwini achoka pa bolodi. Anthu amaperekadi poni imeneyo dala, ndi gambiti ya Milner-Barry, koma iwo amafuna kutulutsa mapisi msanga, osati kudalira Bb5. Choncho kuona zitatu pa mzere ndi theka chabe la ntchito, theka linalo ndi kupeza muvu yomwe mdani sangainyalanyaze. Dongosolo lomwe ine ndimalimbikitsa ndi ili: yesani kaye macheki onse a pisi yakutsogolo, akasowa yesani kudya chinthu chachikulu, ndipo pomaliza peni peni kuopseza wamba. Kuopseza wamba kumagwira ntchito pokhapokha ngati cholozedwacho sichingabweze, mwachitsanzo bishopu wanu akuloza ruku pa dayagonolo, kapena ruku yanu ikuloza bishopu pa mzere wowongoka.

Chachinayi, sakani muvu imodzi yomwe ingazimitse moto wonse uwiri

Musanagwire pisi khalani kaye pampando wa mdani. Muli ndi mavuto awiri, kodi pali muvu imodzi yothana nawo onse? Nthawi zambiri ikakhalapo imachokera kwa pisi yomwe mukuilozayo, ithawa kwinaku ikudya yakutsogolo yanu, kapena ithawa kwinaku ikupereka cheki kwa inu, kapena ithawira pa bokosi lomwe ikutchinga cheki yanu ili yotetezedwa.

Yalani izi pa bolodi, mapisi ndi ochepa. Zoyera: mfumu g1, ruku d1, bishopu d3, maponi f2, g2, h2. Zakuda: mfumu g8, kwini d7, maponi f7, g7, h7. Ruku, bishopu ndi kwini zili pa mzere wa d. Bxh7+ ndiyo muvu, mfumu idya bishopu kapena ithawa, inu Rxd7, nkhani yatha.

Tsopano chotsani maponi akuda a f7 ndi g7, china chilichonse chikhale mmene chinalili. Mukabwereza Bxh7+ mwa chizolowezi mulira, chifukwa mzere wa 7 watseguka kuchokera pa d7 mpaka h7, iye angodya Qxh7, cheki yatha, kwini wachoka pa mzere wa ruku, bishopu wapita. Koma disikavadi ikadalipo, yangosamukira kwina. Poni ya f7 itachoka dayagonolo ya c4 mpaka g8 yatseguka, ndiye Bc4+ ndiyo yolondola. Kwini wa pa d7 safika pa c4. Akatchinga ndi kwini pa d5, e6 kapena f7 bishopu amudya, mfumu ikathawa ruku idya pa d7. Nchifukwa chake ndinati muziwerenga mabokosi onse, pateni yomwe munaloweza ikhoza kukunamizani poni imodzi ikasintha malo.

Pali zina ziwiri zazing'ono zoti muzione mwachangu. Yakutsogoloyo isakhale kuti ikutchinjiriza mfumu yanu ku pisi ya mdani pa mzere wina, apo lamulo silikulolani kuichotsa pa mzere winawo. Komanso isakhale kuti ndi yokhayo yomwe imateteza bokosi lofunika, monga mzere wakumbuyo komwe mfumu yanu yatsekeredwa ndi maponi ake.

Zikapanda kundandalika zokha, zindandalikeni

Apa ndi pomwe pamakoma. Nthawi zina muli ndi ziwiri zokha, yakumbuyo ndi yakutsogolo zakonzeka koma kumapeto kwa mzere kulibe kanthu. Musangodutsa, dzifunseni ngati mungakokere mfumu kapena kwini wake pamzerepo mokakamiza. Richard Réti anachita zimenezi kwa Savielly Tartakower ku Vienna mu 1910, gemu yonse mamuvu 11 okha:

```
1. e4 c6  2. d4 d5  3. Nc3 dxe4  4. Nxe4 Nf6
5. Qd3 e5  6. dxe5 Qa5+  7. Bd2 Qxe5
8. 0-0-0 Nxe4
```

Imani pamenepa mutsate sitepe yoyamba ija. Ruku yafika pa d1, kutsogolo kwake kuli bishopu d2 ndi kwini d3, kenako mzere wonse mbee mpaka d8, maponi onse a d anachoka podya chammbali ndipo kwini wakuda anasiya d8 popita ku a5. Pali zolakwika ziwiri, pakati pali mapisi awiri m'malo mwa imodzi, ndipo mfumu ili pa e8 osati pa mzere wa d. Réti anakonza zonse ziwiri ndi muvu imodzi, ndipo anali atangotaya hatchi.

```
9. Qd8+ Kxd8  10. Bg5+ Kc7  11. Bd8#
```

Kwini wachoka panjira podzipereka yekha, ndipo mfumu yakakamizika kumudya chifukwa kulibe kwina kopita, ndiye yaima pa d8. Tsopano ruku, bishopu ndi mfumu zili pa mzere umodzi. Bg5+ ndi cheki ziwiri pakamodzi, ruku pa mzere wa d, bishopu pa dayagonolo yodutsa f6 ndi e7, ndipo f6 inatseguka hatchi ija itapita kukadya pa e4. Bishopu pa g5 akanatha kudyedwa ndi kwini wa pa e5 kapena hatchi ya pa e4, koma pa cheki ziwiri kudya imodzi kapena kutchinga imodzi sikuthandiza, inayo ikadalipo, mfumu iyenera kusuntha basi. Yapita c7 ndipo bishopu wabwera pa d8 motetezedwa ndi ruku, mapisi ake omwe pa b8, c8, b7 ndi c6 aitsekera njira, chekimeti. Ikanabwerera pa e8, Rd8 ndi chekimeti, pano bishopu ndiye akuteteza ruku komanso kutseka e7.

Ndipo ngakhale apa kusankha bokosi kunali kofunika. Ba5+ nayonso ndi cheki ziwiri, kudzera pa b6 ndi c7, koma simatseka e7, mfumu ikanatulukira pamenepo ndipo wa zoyera akanatsala opanda kwini. Mukapereka kwini chonchi muyenera kuwerenga bokosi lililonse lozungulira mfumu mpaka mutaona chekimeti ndi maso anu, osati kungomva mumtima kuti ilipo.

Njira ina yofatsa, yosafuna kupereka kanthu, ndi kuika yakumbuyo nokha. Mwaona hatchi yanu yaima pa mzere umodzi ndi kwini wake, ndiye bweretsani ruku kumbuyo kwa hatchiyo. Muvu imeneyo imaoneka ngati yongotulutsa pisi, koma pa muvu yotsatira muli ndi disikavadi yokonzeka. Wosewera wodziwa aiona nkusuntha kwini, palibe vuto, wataya muvu pomwe ruku yanu yakhala pa malo abwino.

Kusaka komweku muzikuchitanso mobwerera. Mdani akangosewera, makamaka akasuntha ruku, bishopu kapena kwini kupita pamalo pomwe pakuoneka kuti sakuopseza kanthu, tsatani mzere wa pisiyo kudumpha pisi yake yomwe ili kutsogolo muone ngati kumapeto kuli mfumu kapena kwini wanu. Ngati zili choncho chokanipo msanga, kapena tsekani cheki yomwe angagwiritse ntchito monga Bd7 ija ya mu Fulenchi. Pofuna kuzolowetsa maso, pa webusaiti ya chesi ya Lichess pagawo la mapazulo pali mutu wolembedwa Discovered attack, ndipo mukamachita musayambe ndi kuyesa mamuvu, tchulani kaye zitatu zomwe zandandalika, yakumbuyo, yapakati ndi cholozedwa, kenako muwerenge mabokosi onse omwe yapakatiyo ingafikepo musanadine.